Kalembedwe ka imelo yopita kwa mphunzitsi amene mukufuna kuti ayang'anire kafukufuku wanu wa PhD

M'mayunivesite ambiri a ku South Africa, ku Britain, ku Germany ndi ku Australia, pempho la malo a maphunziro a PhD limayenda bwino ngati m'dipatimenti muli mphunzitsi amene wavomera kale kuti adzayang'anira kafukufukuyo, ndipo kawirikawiri chivomerezocho chimayamba ndi imelo yochokera kwa munthu amene mphunzitsiyo sanamuonepo n'kamodzi komwe. Ngakhale pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuno ku Harare, kumene digiriyi imatchedwa DPhil, ndi nzeru kuyamba mwalankhula ndi mphunzitsi wa m'gawo lanu musanapereke mapepala. Ku America zinthu zimasiyanako, chifukwa m'madipatimenti ambiri ophunzira amasankhidwa ndi komiti, ndipo ena amalemba poyera pa tsamba lawo kuti ofuna malo asavutike n'kulembera aphunzitsi. Choncho ntchito yoyamba, imene imatha pa mphindi zochepa, ndiyo kuwerenga tsamba la dipatimentiyo kuti mudziwe ngati kumeneko amayembekezera imelo yotere, tsiku lotsekera kulandira mafomu, ndi zimene amafuna kuti ziperekedwe. Imeloyo mudzailemba m'Chingerezi, kapena m'chilankhulo china chimene yunivesiteyo imaphunzitsira, koma pano zitsanzo zonse ndiziika m'Chichewa kuti kaganizidwe kake kaoneke bwino.

Ntchito yachiwiri ndi imene imatenga nthawi kuposa zonse, ndipo imachitika musanatsegule n'komwe bokosi lanu la imelo. Muyenera kusandutsa nkhani imene imakusangalatsani kuti ikhale funso limodzi loyankhika. Tiyerekeze kuti pali mayi wina wa ku Mufakose mu Harare, amene agogo ake anachokera ku Dedza, ndipo anamaliza digiri ya masitazi ya mbiri ya zachuma. Atafunsidwa koyamba chimene akufuna kufufuza, anayankha kuti ndi moyo wa anthu ochokera ku Malawi okhala mu Zimbabwe. Umenewu ndi mutu wa laibulale yathunthu, chifukwa muli za m'migodi, za m'mafamu, za unzika, za Gule Wamkulu, za mizikiti ndi matchalitchi, ndiponso za chilankhulo cha Chichewa chimene malamulo aakulu a dziko a 2013 anachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Mphunzitsi akalandira mutu wotere sadziwa kuti ayambira pati kuyankha, ndipo nthawi zambiri sayankha.

Kuchepetsa mutu kumachitika posankha zinthu zinayi motsatizana: gulu la anthu kapena chinthu chimene muchiyang'ane, malo, nyengo, ndi chododometsa chimene sichinafotokozedwe. Mayi uja anasankha mabungwe a maliro, amene anthu ochokera ku Malawi anakhala akuyendetsa kwa zaka zambiri m'malokeshoni a Harare kuti munthu akamwalira kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Pa malo anasankha Mbare ndi Mufakose, kusiya Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, ngakhale kuti kumenekonso kuli anthu athu ambiri, chifukwa munthu mmodzi sangafike bwinobwino m'malokeshoni asanu pa zaka zitatu kapena zinayi zimene PhD imayembekezeka kutenga ku South Africa ndi ku Britain. Pa nyengo anasankha 2007 mpaka 2013, kuti aphatikize chaka cha 2008 pamene ndalama ya Zimbabwe inatheratu mphamvu, ndi chaka cha 2009 pamene dziko linayamba kugwiritsa ntchito dola ya America ndi ndalama zina zakunja. Chododometsa chinatulukira pomwepo. Bungwe la maliro limadalira zopereka za mwezi ndi mwezi zimene zimasungidwa kudikira tsiku la zovuta, ndiye ngati ndalama yosungidwayo inasanduka mapepala opanda ntchito, mabungwe amene anapulumuka anapulumuka bwanji, ndipo anasiyana chiyani ndi amene anatha?

Pali njira yoyesera ngati funso lafika pamene liyenera kufika. Muzitha kutchula umboni umene ungaliyankhe ndi kumene umboniwo uli, ndipo muzitha kuganizira mayankho awiri kapena atatu osiyana amene angatuluke. Kwa mayi uja, umboni ndi mabuku a zopereka ndi a zokambirana za pamsonkhano amene alembi a mabungwe amasunga m'nyumba zawo, zokamba za atsogoleri ndi mamembala akale, komanso zolembedwa zakale za ku National Archives of Zimbabwe, zimene zingathandize pa chiyambi cha mabungwewo. Mayankho otheka ndi oti mwina mabungwe anasiya kulandira ndalama n'kuyamba kusonkhetsa katundu monga ufa ndi matabwa, mwina anadalira ana a mamembala amene anali ku South Africa, kapenanso anasintha malamulo a amene angalowe m'bungwe. Ngati mukuona kuti yankho mukulidziwa kale ndipo mukungofuna digiri yolitsimikizira, monga kunena kuti mukufuna kusonyeza kuti anthu ochokera ku Malawi amasalidwa, ndiye kuti muli ndi maganizo chabe, ndipo funso lenileni simunalipeze. Aphunzitsi amazindikira zimenezi msanga, chifukwa amaziona chaka ndi chaka.

Mukakhala ndi funso m'pamene mumafunafuna munthu woyenera, ndipo njira yachidule ndiyo kubwerera ku mndandanda wa mabuku ndi mapepala amene munagwiritsa ntchito polemba kafukufuku wanu wa masitazi, n'kuona maina amene munkawatchula mobwerezabwereza. Dzina lililonse mulifufuze pa tsamba la yunivesite yake ndi pa Google Scholar, ndipo pa Google Scholar musanje zolembazo motsatira chaka, chifukwa pepala lotchuka kwambiri la munthu nthawi zambiri limakhala lakale, ndipo mwina iye anachoka kale pa nkhaniyo. Chimene mukufuna kudziwa ndi zimene walemba m'zaka zitatu mpaka zisanu zapitazi, ndiponso mitu ya ophunzira a PhD amene wawayang'anira, imene mayunivesite ambiri amaiika m'nkhokwe zawo za pa intaneti. Onetsetsaninso kuti akadali pa ntchito pamalopo, chifukwa pulofesa amene anapuma pa ntchito nthawi zambiri saloledwa kukhala woyang'anira wamkulu wa wophunzira watsopano. Ine ndimaona kuti mphunzitsi wocheperako msinkhu, amene wangoyamba kumene kumanga gulu lake la ofufuza, amayankha mwachangu ndipo amapatsa wophunzira nthawi yochuluka kuposa munthu wotchuka amene ali ndi ophunzira khumi, choncho musathamangire dzina lalikulu lokha.

Mwa anthu amene mwapeza, sankhani atatu mpaka asanu, ndipo kwa aliyense muwerenge mapepala awiri kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati chidule cha pamwamba chokha. Powerenga muyang'ane makamaka gawo la njira zimene anatsata posonkhanitsa umboni, ndi ndime zomalizira zimene olemba amavomerezamo zimene kafukufuku wawo sanafikeko. M'menemo ndi mmene mumachokera chiganizo chofunika kwambiri cha imelo yanu. Tiyerekeze kuti mayi uja wapeza pulofesa wa ku yunivesite ina ya ku South Africa amene analemba za magulu osonkha ndalama a anthu obwera ku Johannesburg, ndipo mfundo yake inali yoti maguluwa amalimba chifukwa mamembala amakhulupirira kuti ndalama yosungidwa idzapezeka tsiku loifuna. Kulemba kuti "ndawerenga ntchito zanu zambiri zapamwamba ndipo zandilimbikitsa kwambiri" sikuthandiza, chifukwa chiganizo chimenechi chingatumizidwe kwa pulofesa aliyense padziko lapansi, ndipo wolandirayo amadziwa zimenezo. Chiganizo chothandiza ndi chimene chimatchula pepalalo ndi chaka chake, kubwereza mfundo yake molondola, kenako kusonyeza pamene nkhani yanu ikuiyesa mfundoyo: ku Harare mu 2008 ndalama yosungidwa inatha mphamvu, koma mabungwe ena anapitirira, ndiye chinawagwira chinali chiyani?

Tsopano mukhoza kulemba. Imelo yonse isapitirire mawu 250 kapena 300, kuti iwerengeke pa foni popanda kutsitsa kambirimbiri. Mzere wa mutu, umene pa kompyuta umalembedwa kuti Subject, unene zinthu zitatu: kuti mukufunsa za PhD, chaka chimene mukufuna kuyamba, ndi nkhani yanu m'mawu ochepa. Mitu yonga "Moni", "Pempho" kapena "Chonde thandizeni mwachangu" imafanana ndi ya maimelo achinyengo, ndipo ina imagwera m'bokosi la zinyalala isanaonedwe. Polonjera mugwiritse ntchito udindo wolondola ndi dzina la bambo la munthuyo, monga zalembedwera pa tsamba la dipatimenti, osamukweza kukhala pulofesa ngati ndi dokotala, ndiponso osalakwitsa chilembo ngakhale chimodzi. Malonje osatchula dzina amasonyeza kuti kalatayo yapita kwa anthu ambiri.

Pano pali pamene ulemu wathu umatipweteka. Kwathu munthu safika kwa wamkulu n'kungoyamba ndi chimene wabwerera. Amayamba wafunsa za moyo, za kunyumba, n'kupepesa chifukwa chosokoneza, ndipo pempho limabwera kumapeto. M'kalata yamtunduwu ulemu umaoneka posamutayitsa nthawi wowerenga, choncho chiganizo choyamba chinene kuti ndinu yani pa maphunziro ndi chimene mukufuna. Nkhani ya mavuto amene munakulira, ya kusowa kwa fizi, kapena ya maloto amene munali nawo muli mwana, muisungire kalata yofunsira sikolashipu ngati kumeneko aifuna. Imelo ya mayi uja ingaoneke motere, pambuyo pa malonje otchula udindo ndi dzina:

"Ndine wofufuza wa ku Harare, ndipo ndili ndi digiri ya masitazi ya mbiri ya zachuma, imene kafukufuku wake anali wa malonda a amayi pa msika wa Mbare Musika. Ndikukonzekera kupempha malo a PhD m'dipatimenti yanu chaka chamawa, ndipo ndikulemba kuti ndifunse ngati mukulandira ophunzira atsopano.

"Ndikufuna kufufuza mmene mabungwe a maliro a anthu ochokera ku Malawi ku Mbare ndi ku Mufakose anapitirizira kugwira ntchito pakati pa 2007 ndi 2013, pamene ndalama zimene anasunga zinatha mphamvu. M'pepala lanu lonena za magulu osonkha ndalama ku Johannesburg munasonyeza kuti maguluwa amalimba chifukwa chokhulupirira kuti ndalama yosungidwa idzapezeka. Ku Harare chikhulupiriro chimenechi chinagwa mu 2008, komabe mabungwe ena sanathe, ndipo ndikufuna kudziwa chimene chinawasiyanitsa ndi amene anatha.

"Ndikuganiza zogwiritsa ntchito mabuku a zopereka ndi a misonkhano a mabungwewa, pamodzi ndi zokamba za atsogoleri ndi mamembala. Ndimalankhula Chichewa ndi Chishona, ndipo alembi a mabungwe awiri andilola kale kuona mabuku awo. Chimene sindinathetse ndi mmene ndingapezere umboni wa mabungwe amene anatha, ndipo ndingakonde kumva maganizo anu pa zimenezi.

"Ndikufuna kupempha sikolashipu, ndipo pakali pano ndilibe thandizo lina la ndalama. Ndaphatikizapo CV yanga ndi ndondomeko ya kafukufukuyu ya masamba awiri. Ngati mutuwu ukugwirizana ndi ntchito yanu, kodi tingalankhulane kwa mphindi 20 pa intaneti m'masabata akubwerawa? Ngati simukulandira ophunzira, ndingayamikire mutandiuza mnzanu amene angakhale woyenera."

Ndime yachitatuyo ndi imene ndikufuna muiyang'anitsitse. Woyang'anira aliyense amadera nkhawa chinthu chimodzi, chimene ndi chakuti wophunzira angathe zaka ziwiri asanapeze umboni, ndipo chiganizo chonena kuti mabuku alipo ndiponso eni ake avomera chimachotsa nkhawayo kuposa mawu aliwonse odzitamandira. Ife olankhula Chichewa mu Harare tili ndi mwayi weniweni pa mitu yotere, chifukwa chilankhulo ndi kudziwana ndi anthu n'zimene wofufuza wochokera kunja amazisowa, koma mwayiwo muunene pokhapokha ngati ndi woona. Ngati munangolankhula ndi mlembi mmodzi amene anati aganizira, mulembe zimenezo monga zilili, chifukwa funso loyamba pa kukambirana kwanu lidzakhala loti mabukuwo ndi angati, ndi a zaka ziti, ndipo munawaona ndi maso anu kapena ayi. Kumbukiraninso kuti chilolezo cha mlembi chimangokutsegulirani khomo. Kufunsa anthu mafunso a kafukufuku kumadikira chivomerezo cha komiti ya yunivesite yoona za chitetezo cha anthu ofunsidwa, ndipo ngati nkhani yanu ndi ya zaumoyo mu Zimbabwe, pamafunikanso chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe.

Chiganizo chovomereza chimene simunathetse ena amachiopa, poganiza kuti chikuwaonetsa kufooka. Kunena zoona chimagwira ntchito ziwiri. Chimasonyeza kuti mwaganizira mozama mpaka mwaona pamene njira yanu ili ndi mpata, popeza kuwerenga mabuku a mabungwe opulumuka okha kungakupatseni theka la nkhani, ndipo chimapatsa mphunzitsi chinthu chenicheni choti ayankhe. Anthu ophunzira amavutika kusiya funso labwino lili losayankhidwa.

Za ndalama muzinene m'chiganizo chimodzi, moona mtima, osapempha. M'maphunziro a sayansi nthawi zina woyang'anira amakhala ndi ndalama za pulojekiti zolipirira wophunzira, koma m'maphunziro a mbiri ndi a chikhalidwe cha anthu zimenezi sizichitikachitika, ndipo mphunzitsi amafuna kudziwa ngati muli ndi njira. Musanatchule dzina la sikolashipu, onani ngati pasipoti yanu ikukuyenerezani, chifukwa m'mabanja athu muno mumapezeka mapasipoti osiyana. Mwachitsanzo, Malawi ndi Zambia ali m'bungwe la Commonwealth, pamene Zimbabwe inatulukamo mu 2003, ndipo masikolashipu ambiri amayang'ana unzika ndi dziko limene munthu akukhala, choncho malamulo a chaka chimenecho muwawerenge nokha. Ngati mukulembera ku Germany ndipo mukufuna thandizo la DAAD, bungwe la kumeneko lopereka masikolashipu, pa PhD yoyang'aniridwa ndi pulofesa mmodzi, kalata ya pulofesayo yovomera kukuyang'anirani imafunika pa pempho lanu, ndiye munene tsiku lotsekera m'imelo yoyamba yomweyo.

Mafayilo ophatikiza akhale awiri okha, onse a mtundu wa PDF kuti asasokonekere potsegula: CV ya masamba awiri, imene ikuonetsa mutu wa kafukufuku wanu wa masitazi, magiredi ndi zimene munasindikiza ngati zilipo, ndi ndondomeko ya kafukufuku ya tsamba limodzi kapena awiri. Dzina la fayilo liyambe ndi dzina lanu. Masatifiketi, zithunzi za pasipoti ndi buku lonse la masitazi mudikire mpaka atazifunsa. Adiresi imene mukutumizira ikhale ya dzina lanu lenileni, ndipo ngati muli ndi ya kuntchito kapena ya yunivesite imene ikugwirabe ntchito, imeneyo ndi yabwino koposa. Munthu aliyense alandire imelo yakeyake. Kuika maina ambiri pa Cc kapena pa Bcc kumaononga zonse zimene mwakonza, ndipo ngati mwalembera anthu awiri a dipatimenti imodzi, muuze aliyense za mnzakeyo, chifukwa adzakambirana ndithu.

Nthawi yotumizira imawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lotsekera. Siyani miyezi itatu kapena inayi, ndipo ngati pali sikolashipu siyani yoposerapo, popeza mphunzitsi akavomera adzafuna kuti ndondomeko ya masamba awiri ija ikule ndi kukonzedwa kangapo. Ku South Africa chaka cha maphunziro chimayamba cha mu Febuluwale, ndipo kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale maofesi amakhala zii. Kumeneko digiri yochokera kunja nthawi zambiri imafunika kuyamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA, zimene zimatenganso nthawi. Ku Britain chaka chimayamba cha kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, ndipo mwezi wa Ogasiti aphunzitsi ambiri a ku Ulaya amakhala pa tchuthi. Tumizani m'mawa pa tsiku la ntchito malinga ndi nthawi ya kumeneko. Harare ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, pamene Britain ili m'mbuyo ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha ndi maola awiri m'miyezi yawo yozizira. Ngati magetsi kwanu amabwera usiku ndipo m'pamene mumalemba, gwiritsani ntchito Schedule send ya Gmail kuti imeloyo inyamuke m'mawa.

Pakapita masabata awiri opanda yankho, tumizani chikumbutso chimodzi cha ziganizo ziwiri, poyankha pa imelo yanu yoyamba yomweyo kuti zonse zikhale pamodzi, ndipo pakapitanso masabata ena awiri mupite kwa munthu wotsatira pa mndandanda wanu. Musafunefune nambala yake ya foni kuti mumutumizire uthenga pa WhatsApp, ngakhale kuti muno timachita zambiri mwa njira imeneyo. Ngati anthu anayi kapena asanu onse akhala chete, vuto nthawi zambiri limakhala m'ndime yachiwiri: mwina funso likadali lotambalala, kapena kulumikizana kwake ndi ntchito ya wolandirayo n'kokakamiza. Perekani ndimeyo kwa amene anakuyang'anirani pa masitazi, ndipo muwapemphe kuti akuuzeni funso lanu m'mawu awoawo. Akalephera, bwererani pa ntchito yachiwiri ija.

Mayankho amene amabwera amafunika kuwamvetsa bwino. Yankho loti "pemphani malo kudzera pa tsamba la yunivesite" si kuvomera ndiponso si kukana, ndipo mukhoza kufunsa mwaulemu ngati mungatchule dzina lake pa fomu monga woyang'anira amene mukumufuna, musalitchule asanakuloleni. Yankho lokana koma lotchula mnzake ndi lamtengo wapatali, chifukwa imelo yanu yotsatira idzayamba ndi kunena amene wakutumizani. Yankho lodzaza ndi mafunso ovuta, monga loti n'chifukwa chiyani mwasiya zaka za pambuyo pa 2013, kapena loti mudzatani alembi akasintha maganizo, ndi chizindikiro chakuti munthuyo wachita chidwi, ndipo muliyankhe pasanathe masiku awiri kapena atatu, funso lililonse palokha. Akavomera kukambirana, muwerengenso mapepala ake aja, mukonze malo amene intaneti ndi magetsi sizikudukizani, ndipo inunso mufunse kuti amakumana kangati ndi ophunzira ake, ali ndi angati pakali pano, ndiponso ngati yunivesite imalola kuti mukhale miyezi ingapo ku Harare mukusonkhanitsa umboni. Mukamaliza kukambiranako, lembani imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana ndi masiku ake, chifukwa kuvomera kwa woyang'anira si malo a sukulu ayi. Malowo amaperekedwa ndi yunivesite mukatumiza fomu, ndondomeko yokonzedwa ndi makalata a aphunzitsi okuchitirani umboni tsiku lotsekera lisanafike.